Chidindo chosaoneka pa foni: kumasulira chiphaso cha kubadwa chochokera ku Angonia

Chithunzicho chinafika pa WhatsApp madzulo, magetsi atathima kale kwathu ku Mufakose. Anatumiza ndi mphwanga wina amene timapemphera naye, wobadwira ku Angonia m'chigawo cha Tete, yemwe tsopano amawotcherera zitsulo ku Mbare. Pansi pake analemba kuti, "Amalume, tandisinthireniko ichi chikhale cha Chingerezi, akuchifuna mawa. Ndi mizere yochepa chabe." Amafuna kumanga ukwati ndi mtsikana wa kuno ku Harare, ndipo kumene anakafunsa anamuuza kuti abweretse chiphaso chake cha kubadwa m'chilankhulo chimene iwo angawerenge.

Achewa ambiri a kuno sakumana ndi vuto limeneli, chifukwa mapepala a ku Malawi ndi a ku Zambia amalembedwa m'Chingerezi ngati a ku Zimbabwe. Limagwera ife amene mizu yathu ili ku Angonia, ku Tsangano, ku Macanga kapena ku Moatize, kumene timalankhula Chichewa chomwechi koma boma limalemba Chipwitikizi. Ine ndinaphunzira sukulu ku Tete ndisanabwere kuno, ndiye mapepala otere amandipeza kawirikawiri. Mizere yochepa ya mphwanga uja inanditengera masiku asanu.

Nditakulitsa chithunzicho ndi zala ndinaona kuti sindingayambe ntchito. Pepala linajambulidwa lili pamphasa, lopendekera, ndipo munsi mwake munali modukiza. Pakati panali kuwala koyera kwa fulashi kumene kunameza mawu angapo. WhatsApp nayonso imapanikiza chithunzi kuti chipepuke, ndipo zoyamba kuwonongeka ndi timalemba tating'ono tozungulira chidindo. Ndinamuyankha kuti apemphe mchemwali wake ku Ulongwe ajambulenso: masana, pafupi ndi zenera, fulashi yozimitsa, pepala litagona pathebulo, ngodya zonse zinayi zikuoneka. Ajambulenso kuseri kwa pepala ngakhale akuganiza kuti kulibe kanthu, kenako chidindo chilichonse pachokha, moyandikira. Potumiza asasankhe ngati chithunzi wamba koma adine kachizindikiro kolumikizira n'kusankha Document, chifukwa njira imeneyo imatumiza chithunzi osachipanikiza. Mphwanga anadandaula za mawa lake. Ndinamuuza kuti chimene sindikuchiona sindingachilembe, ndipo chimene ndingachilembe mongoganizira adzachilipira ndi iyeyo pawindo la ofesi.

Zithunzi zatsopano zitabwera, choyamba ndinayang'ana mutu wa pepala, chifukwa anthu amatchula "chiphaso cha kubadwa" zinthu zosiyanasiyana. Ku Mozambique kubadwa kwa mwana kumalembedwa m'buku la ofesi yotchedwa *Conservatória do Registo Civil*, ndipo cholembedwa m'bukumo dzina lake ndi *assento de nascimento*. Bukulo silichoka mu ofesi. Zimene munthu amayenda nazo ndi mapepala otengedwa m'bukumo: pali *boletim de nascimento*, kapepala kachidule, pali *cédula pessoal*, kabukhu kakang'ono kamene ambiri tinakula nako, ndiye pali *certidão*, pepala limene mkulu wa ofesi amatsimikizira kuti zimene zalembedwazo zikuchokera m'buku. La mphwanga linali ndi mutu wakuti *Certidão de Narrativa Completa de Registo de Nascimento*, kutanthauza kuti likufotokoza zonse za m'buku, osati mwachidule. Mutu umenewu ndimaumasulira wonse. Sindiufupikitsa kuti ungokhala mawu awiri amene aliyense amawadziwa, chifukwa ofesi imene ikufuna chiphaso chathunthu iyenera kuona kuti chimene yapatsidwa n'chathunthu. Ndinakanapo kale pempho la agogo ena amene anabweretsa *certidão de baptismo* ya ku mishoni ya Lifidzi n'kumafuna kuti pamwamba ndilembe kuti n'chiphaso cha kubadwa. Pepala la ubatizo lili ndi tsiku lobadwa, ndipo nthawi zina limathandiza ngati umboni, koma ndi la mpingo. Womasulira sangalikweze udindo.

Mawu a boma ndi amene amagwetsa anthu odziwa Chipwitikizi cha pamsika ndi cha m'kalasi. Mukatsegula mtanthauziramawu, *assento* ndi mpando. *Conservador* ndi munthu wosunga zinthu, kapenanso wokakamira zakale pa ndale. Pa pepala ili *assento* ndi cholembedwa m'kaundula, ndipo *Conservador* ndi mkulu wa kaundulayo, amene Chingerezi cha maofesi a kuno chimamutcha Registrar. Ndinaonapo zomasulira zina zimene zinati mwana analembetsedwa pa mpando nambala yakutiyakuti, ndipo wosayina anali munthu wa ndale. Woseka aseke, koma mwini pepala anabwezedwa. Mawu ena onyenga ndi *natural de*. Sakukamba za chilengedwe, ndipo sakunena kuti mwana ndi wapathengo kapena ayi. Amangotanthauza kumene munthu anabadwira. Pa pepala la mphwanga, mayi ake analembedwa kuti *natural de Dedza*, ndipo apa pamafunika kudziletsa: kubadwira ku Dedza si kukhala nzika ya Malawi. Unzika uli ndi mawu ake, *nacionalidade*, ndipo ngati palibe pa pepala, m'zomasulira musakhalenso. Kwa anthu a kuno amene akutsata nkhani ya unzika kudzera m'gawo 43 la malamulo aakulu a dziko a 2013, limene limakhudza obadwira mu Zimbabwe kwa makolo ochokera m'mayiko a SADC, kusiyana kwa mawu awiriwa si kwamasewera.

Dzina la ofesi ndimalisiya m'Chipwitikizi n'kuika tanthauzo lake pambali koyamba kokha. Sindilisandutsa dzina la ofesi ya kuno. Anthu amakonda kunena kuti "ndi Makombe wa kumeneko", potchula dzina limene timaitanira ofesi ya kaundula ya kuno ku Harare, ndipo pocheza n'zoona, koma pa pepala wolandira ayenera kudziwa ofesi yeniyeni imene angakafunse akakayikira.

Kenako masiku. Chiphaso chotere chimakhala ndi masiku atatu, ndipo munthu wothamanga amawasakaniza: tsiku lobadwa, tsiku limene kubadwako kunalembetsedwa, ndi tsiku limene pepala ili linaperekedwa. Mphwanga anabadwa mu 1987, nkhondo ili mkati. Banja lake linathawira ku Dedza ngati mabanja ambiri a ku Angonia, ndipo linabwerera mtendere wa 1992 utakhazikika. Bambo ake anakamulembetsa mu 1996, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Pepala lenilenilo mchemwali wake anakatenga mu 2023. Chaka chimene chimaoneka msanga pamwamba, pambali pa nambala ya *assento*, ndi 1996, ndipo ndicho chimene wosasamala amachilemba ngati chaka chobadwa. Atatero, munthu wachepetsedwa zaka zisanu ndi zinayi ndipo sakugwirizananso ndi pasipoti yake.

Tsiku lobadwa linalembedwa ndi dzanja, m'mawu, monga mwa mwambo wa maofesi amenewa: *mil novecentos e oitenta e sete*. Mwambo umenewu umathandiza, chifukwa manambala a dzanja la Chipwitikizi amasokoneza diso lozolowera sukulu za kuno. Nambala 1 imakhala ndi kamchira kakatali kutsogolo mpaka kufanana ndi 7, pamene 7 weniweni amadulidwa ndi kamzere pakati. Koma mawu nawonso ali ndi misampha yake. *Sessenta* ndi *setenta*, 60 ndi 70, amasiyana pang'ono chabe akalembedwa mothamanga, chimodzimodzinso *dezasseis* ndi *dezassete*. Pa pepala la mphwanga vuto linali mwezi: *Junho* kapena *Julho*. Chilembo chachitatu chinagwera pamene pepala linapindidwa. Ndinayang'ana mmene mlembi yemweyo analembera l m'mawu akuti *filho*, mzere umodzi pansi pake, ndipo ndinaona kuti l wake ndi wamtali, wokhala ndi kalupu pamwamba. Pa mweziwo pamwamba pa mzere panalibe chilichonse chotuluka kupatula J ndi h. Unali Juni. Ndinamufunsa mphwanga pambuyo pake, osati poyamba, kuopa kuti diso langa lingaone zimene khutu lamva. Akanati iye amadziwa Julayi, ndikanalembabe Juni, chifukwa ndikumasulira pepala, osati zimene munthu akukumbukira. M'zomasulira mwezi ndimaulemba ndi mawu. Tsiku lolembedwa 03/06 ena amaliwerenga 3 Juni, ena 6 Malichi.

Pa mayina ndi pamene tinakangana koyamba. Mlembi wa Chipwitikizi amalemba dzina la Chichewa ndi khutu lake ndi zilembo zake: w amasanduka u, k amasanduka c kapena qu. Mwale amakhala Muale, Kamwendo amakhala Camuendo. Dzina la bambo a mphwanga linalembedwa motero, pamene pa mapepala ake a ntchito kuno analilemba mwa Chichewa. Anati, "Amalume, inu mukudziwa kuti dzina lathu ndi liti. Ingolikonzani." Ndikulidziwadi. Koma kalaliki amene adzaika zomasulira pambali pa chiphaso sadziwa Chipwitikizi, ndipo chokhacho chimene angayerekeze ndi mayina ndi manambala. Akaona kuti dzina lasiyana, amakayikira zonse zotsala. Dzina limakoperedwa chilembo ndi chilembo, ndi tizizindikiro take tonse ta pamwamba, ndipo João sakhala Yohane. Kusiyana kwa kalembedwe kuli ndi mankhwala ake ena: afidaviti, kalata imene munthu amalumbira pamaso pa wolumbiritsa kuti mayina awiriwa ndi a munthu mmodzi. Mayina a malo nawonso amatsata lamulo lomweli. Pa mapepala a makolo athu a nthawi ya atsamunda mupeza Vila Coutinho, umene ndi Ulongwe wa lero, kapena Lourenço Marques, kapena Salisbury. Ndimalemba dzina lakalelo monga liliri, ndipo ngati n'kofunika ndimawonjezera ndemanga yanga yonena dzina la lero.

Ndemanga za womasulira zili ndi malo ake. Chilichonse chimene ndi mawu anga, osati a pepala, ndimachiika m'mabulaketi a ngodya, kuti wowerenga asasokoneze liwu langa ndi la *Conservador*. Ndipo zidindo zonse zimalowa m'zomasulira kudzera m'mabulaketi amenewa.

Anthu ambiri amaona chidindo ngati chokongoletsa, chinthu choti womasulira angachidumphe. Kwa kalaliki wolandira, chidindo ndicho chimanena amene akuyankhira pepalalo. Pa chiphaso cha mphwanga panali zitatu. Choyamba chinali chozungulira, cha inki yabuluu, chophimba mbali ya siginecha. Pa chidindo ngati ichi ndimalemba zinthu zinayi: maonekedwe ake, pamene chili, mawu ake, ndi chizindikiro cha pakati. Pakati panali chizindikiro cha dziko la Mozambique, chija cha khasu ndi mfuti pamwamba pa buku lotsegula, chozunguliridwa ndi chimanga ndi nzimbe. Sindifotokoza zonsezo, ndimangoti chizindikiro cha dziko. Mawu a m'mphepete anali *República de Moçambique* kumtunda, ndipo kumunsi kunaoneka *Conservatória dos Reg* basi, inki n'kuthera pomwepo. Ndikanatha kumaliza ndekha, poti mutu wa pepala ukunena dzina la ofesi. Sindinatero. Ndemanga yanga, titaiika m'Chichewa, inali yotere: [chidindo chozungulira cha inki yabuluu, kumunsi kumanja, chophimba mbali ya siginecha: dzina la dziko, mawu oyamba a dzina la ofesi, otsalawo sakuwerengeka, pakati chizindikiro cha dziko]. Mawu a Chingerezi amene timataipa pa malo osawerengeka ndi illegible, ndipo womasulira woona mtima sachita nawo manyazi. Chifukwa chake n'chakuti chidindo chimatha kukhala cha ofesi ina, yosiyana ndi ya pamutu, ndipo zikakhala choncho ndicho chinthu chimene wofufuza amafuna kuchiona. Ndikamaliza mawuwo mongoganizira, ndafufuta chizindikiro chimenecho. Ngakhale dzina la dziko limanena kanthu: kuyambira 1975 mpaka 1990 linali *República Popular de Moçambique*, ndiye pa pepala la nthawi imeneyo mawu akuti *Popular* sayenera kutayika.

Chachiwiri chinali cha makona anayi, cha ndalama zimene zinalipiridwa, *emolumentos*, ndi nambala ya lisiti yolembedwa ndi bolopeni. Chimamasuliridwa nachonso. Ndalama zimasiyidwa m'metikali, osazisandutsa madola, ndipo muzikumbukira kuti Chipwitikizi chimaika koma pamene Chingerezi chimaika dontho: 1.500,00 ndi chikwi chimodzi ndi mazana asanu.

Chachitatu ndicho chinandichedwetsa. Chiganizo chomaliza cha pepala, pamwamba pa siginecha, chinkanena kuti chiphasochi chasayinidwa ndi kutsimikiziridwa *com o selo branco em uso nesta Conservatória*. *Selo branco* mawu ake amati chidindo choyera, koma si cha inki yoyera. Chilibe inki konse. Ndi chidindo chopanidwa ndi chitsulo, chimene chimatukumula pepala, choti munthu amachimva ndi chala. Pa chithunzi chojambulidwa kuchokera pamwamba, kuwala kuli ponseponse, sichioneka ngakhale pang'ono. Pa zithunzi zonse za mchemwali uja ndinasaka osachipeza.

Apa pali zinthu ziwiri zosiyana zimene anthu amaziphatikiza. Chiganizo chonena za chidindocho ndi mawu a pepala, ndipo ndiyenera kuchimasulira monga chilili. Koma ndemanga ya m'mabulaketi yakuti pano pali chidindo chopanidwa ndi umboni wa maso anga, ndipo sindingaupereke pa chinthu chimene sindinachione. Ndikanakakamizika kumaliza tsiku lomwelo, ndikanalemba kuti chidindo chotchulidwacho sichikuoneka pa chithunzi chimene ndapatsidwa. Ndi chiganizo choona, koma chimadzutsa mafunso. M'malo mwake ndinaimbira mchemwaliyo. Ndinati, "Mayi, dikirani kude. Muzimitse nyale, mutenge tochi ya foni ina, muigoneke pathebulo pambali pa pepala kuti kuwala kuzidutsa chokwawa, ndiye mujambule pamene pali siginecha." Kuwala kokwawa kumapatsa mthunzi kanthu kalikonse kotukumuka. Anayesa katatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa chithunzi chachitatu bwalo linatuluka bwinobwino pansi pa siginecha, chizindikiro cha dziko chili pakati, ndi zilembo zingapo m'mphepete. Ndinalemba kuti pali chidindo chopanidwa, chopanda inki, ndi mawu amene ndinatha kuwerenga.

Siginecha ilibe zambiri. Sindiiyerekeza, sindiidula pa chithunzi n'kuimata, ndipo sinditchula dzina la mwini wake pokhapokha litalembedwa momveka pansi pake. Ndimangoti siginecha, kapena siginecha yosawerengeka, n'kumasulira udindo wolembedwa pamenepo. Muzionetsetsa ngati wasayina ndi *Conservador* mwiniwake kapena wina wa mu ofesi, monga *Ajudante* kapena *Técnico*, chifukwa udindo umene uli pa pepala ndi umene uyenera kuoneka. Anyamata ena a m'mashopu otaipira m'tauni amakonda kudula chidindo ndi chizindikiro cha dziko pa kompyuta n'kuziika pa tsamba la Chingerezi kuti lioneke lolemera. Ine ndimaona kuti n'koopsa. Tsamba lotero limaoneka ngati boma la Mozambique latulutsa chiphaso cha Chingerezi, zimene silinachite, ndipo kalaliki wokhwima angalitenge ngati pepala lopeka. Zomasulira zitsate dongosolo la chiphaso, mzere ndi mzere, kuti munthu athe kuyendetsa chala pa mapepala onse awiri, koma zizioneka kuti ndi zomasulira.

Tsopano munsi mwa pepala muja, mmene chithunzi choyamba chinadula. Pa chithunzicho panangotsala mapeto a liwu limodzi, *amento*. M'buku la kaundula, m'mphepete mwa *assento* iliyonse amasiya malo olembamo zimene zidzachitikire munthuyo m'tsogolo: akakwatira, ukwati ukatha, dzina likakonzedwa, akamwalira. Zowonjezera zimenezi dzina lake ndi *averbamentos*, ndipo pa chiphaso chathunthu amazikopera kumunsi kapena kuseri. Chifukwa cha zimenezi chiphaso cha kubadwa cha ku Mozambique chimatha kukamba za ukwati, chinthu chimene munthu wozolowera cha kuno sachiyembekezera. Chithunzi chatsopano chinaonetsa *averbamento* yoyamba: mphwanga anamanga ukwati ku Tete mu 2012. Kuseri kwa pepala, kumene mchemwali ankati kulibe kanthu, kunali yachiwiri: ukwatiwo unatha chifukwa cha imfa ya mkazi, *dissolvido por óbito*, mu 2018.

Za imfayo ndinkazidziwa, tinalira malirowo pamodzi ndi mphwanga kuno. Iye anabwera kunyumba Loweruka nati, "Amalume, zakumbuyozo mungozisiya. Akufuna tsiku lobadwa basi, zinazo zingobweretsa mafunso." Ndinamukhazika pansi n'kumuonetsa njira zitatu. Ndikanamasulira chithunzi choyamba chija, pepala likanakhala chete pa nkhani ya ukwati, iye n'kukanena pakamwa kuti ndi wamasiye, mawu ake ndi pepala n'kusiyana. Ndikanamasulira kutsogolo kokha kwa chithunzi chachiwiri, pepala likanati ali pa banja mpaka lero, ndipo akufuna kukwatira mkazi wachiwiri mobisa. Ndi pepala lonse, mbali zonse ziwiri, limene limanena zoona zomuthandiza: anakwatira, anaferedwa, ndi womasuka. Kuwonjezera apo, pansi pa zomasulira ndimasayina kuti n'zathunthu. Kusiya mizere iwiri n'kusayina mawu amenewo ndi bodza langa, osati lake. Anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati ndilembe zonse.

Popeza takhudza ukwati, amene muli ndi *certidão de casamento* samalani mzere wa *regime de bens*, wonena za katundu wa banja. Ku Mozambique anthu akapanda kusankha china, lamulo limawaika pa *comunhão de adquiridos*: zimene apeza ali m'banja ndi za onse awiri, zimene aliyense anabwera nazo ndi zake. Izi n'zosiyana ndi *comunhão geral*, pamene zonse zimaphatikizidwa, ndiponso n'zosiyana ndi za kuno, kumene ukwati pawokha suphatikiza katundu. Womasulira akafupikitsa n'kungoti katundu ndi wa onse, wasintha cholowa cha ana. Ndipo *casamento civil*, ukwati womangidwa ku boma, musautche "5:11" monga timanenera m'makombi. Nambala imeneyo ndi ya lamulo lakale la maukwati la Zimbabwe, limene linalowedwa m'malo ndi lina mu 2022, ndipo ukwati wa ku Tete sunamangidwe pa lamulo limenelo.

Ntchito itatha ndinawerenga kawiri. Koyamba ndinatsata tanthauzo. Kachiwiri ndinaphimba mawu n'kuyang'ana mayina ndi manambala okha, mphwanga akuwerenga pa foni, ine ndikuloza pa tsamba: nambala ya *assento*, ya buku, ya tsamba la buku. Chidule chakuti *fls.* ndi masamba, ndipo kachilembo v kotsatira nambala ya tsamba kakutanthauza *verso*, kuseri kwa tsambalo. Si nambala yachiroma. Malo amene mlembi anadula ndi mzere posonyeza kuti palibe cholemba ndinawasonyezanso, kuti wina asadzati ndinadumpha.

Pansi pake ndinaika chikalata changa chotsimikizira: dzina langa, kuti ndimadziwa Chipwitikizi ndi Chingerezi, kuti zomasulirazi n'zathunthu ndi zolondola monga mwa kudziwa kwanga, tsiku ndi siginecha. Ndinawonjezera chiganizo chimene makasitomala sachikonda: kuti ndamasulira kuchokera pa zithunzi za mbali zonse ziwiri za pepala, osati pa pepala lenileni. Zithunzizo ndinazisindikiza n'kuzimangirira kumbuyo, kuti aliyense aone chimene ndinaona. Chithunzi sichionetsa ngati pepala linafufutidwa ndi lezala, ngati inki ndi ya mitundu iwiri, kapena ngati chinakonzedwa pa kompyuta. Womasulira satsimikizira kuti chiphaso n'chenicheni. Ngakhale chidindo cha wolumbiritsa kapena cha loya amene ndalumbira pamaso pake chimangonena kuti ndine amene ndinasayina ndi kulumbira. Iyeyo sanawerenge Chipwitikizi. Ndipo chidindo china chija chimene timakadinditsa pa mafotokope, chonena kuti kope ikufanana ndi pepala lenileni, sichingadindidwe poyang'ana foni. Wodindayo ayenera kugwira pepala lenilenilo.

Kutsimikizira kuti chiphaso n'chenicheni ndi msewu wina. Pali pangano la ku Hague la 1961 limene mayiko olowamo amangodindirana chidindo chimodzi chotchedwa Apostille. Malawi alimo kuyambira 1967, koma chidindocho chimagwira ntchito pakati pa mayiko a m'panganomo okha, ndipo Zimbabwe ndi Mozambique sali m'menemo. Choncho ofesi ikafuna chitsimikizo chokwanira, pepala limadutsa ku unduna wa zakunja wa dziko limene linachokera ndi ku ofesi ya kazembe. Malo aliwonse amawonjezera chidindo chake, nthawi zambiri kuseri, ndipo cha ku Maputo chimakhala cha Chipwitikizi. Mukamasulira zidindozi zisanadindidwe, zomasulira zanu zidzaperewera, mudzalipira kawiri. N'chifukwa chake funso loyamba kwa ofesi yolandira, musanapatse womasulira ngakhale dola imodzi, likhale lakuti akufuna zidindo ziti pa chiphaso, ndipo amalandira zomasulira za ndani: za womasulira aliyense wolumbira, kapena zodutsa ku ofesi ya kazembe. Safunsa anadya phula. Mphwanga anabwerera kukafunsa, ndipo anamuuza kuti abwere ndi pepala lenileni pamodzi ndi zomasulira zolumbiridwa.

Mchemwali wake analiika mu envulopu pakati pa makatoni awiri kuti chidindo chopanidwa chija chisaphwatalale, n'kupatsira wachibale amene amabwera pa basi yodzera ku Nyamapanda. Litafika ndinaliyang'anitsa padzuwa, ndinayendetsa chala pa *selo branco*, ndipo ndinawerenga mawu awiri a m'mphepete mwake amene tochi inalephera kuonetsa. Ndinakonza ndemanga imeneyo, ndinachotsa chiganizo cha zithunzi n'kulemba kuti ndaona pepala lenileni, ndinasindikizanso. Zithunzi za pa foni yanga ndinazifufuta mphwanga akuona, popeza pali dzina lake, la makolo ake ndi la malemu mkazi wake. Lolemba m'mawa tinakwera kombi ya m'tauni kukalumbira.